Chifukwa chake nambala ya Nusselt m'paipi imakhala 3.66 pena, 4.36 pena

Aliyense amene waphunzirako za kayendedwe ka kutentha m'mapaipi amakumana ndi manambala awiri amene amangoloweza: 3.66 ndi 4.36. Onsewo ndi nambala ya Nusselt ya paipi yozungulira imene madzi akuyendamo mwabata, ndiponso mokhazikika. Paipi ndi yomweyo, madzi ndi omwewo, liwiro ndi lomwelo. Chasintha ndi mmene khoma la paipiyo likutenthetsedwera basi. Ngati khoma lonse lili pa madigiri amodzimodzi kuyambira polowera mpaka potulukira, yankho ndi 3.66. Ngati chigawo chilichonse cha khoma chikulandira mawati ofanana, yankho ndi 4.36. Ambiri amathera pomwepo, n'kumaganiza kuti 4.36 ndiye "yabwino" chifukwa ndi yokulirapo. Maganizo amenewa amasocheretsa, ndipo tiona ndi manambala enieni kuti zinthu sizili choncho.

Tiyambe ndi nambalayo. Khoma likatentha kuposa madzi, kutentha kumalowa m'madzi, ndipo kuchuluka kwake pa sikweya mita iliyonse timakulemba motere:

```
q = h (Ts - Tm)
Nu = h D / k
```

Apa q ndi mawati pa sikweya mita, Ts ndi madigiri a khoma, Tm ndi madigiri a madzi, D ndi dayamita ya m'kati mwa paipi, ndipo k ndi mmene madziwo amadutsitsira kutentha mwa iwo okha. Chilembo h chimatiuza kuti digiri imodzi ya kusiyana pakati pa khoma ndi madzi ikulowetsa mawati angati. Nambala ya Nusselt ndi h yemweyo atamuvula mayunitsi, kuti tithe kuyerekeza paipi yaing'ono ndi yaikulu, madzi ndi mafuta. Dzinali linachokera kwa Wilhelm Nusselt, injiniya wa ku Germany amene anabadwira ku Nuremberg mu 1882 n'kumwalira mu 1957.

Tm imafunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Madzi a m'paipi sali pa madigiri amodzi: a pafupi ndi khoma ndi otentha, a pakati ndi ozizirirapo. Tm ndi madigiri amene mungayeze mutadula paipiyo pamalo amenewo, n'kutchera kapu, n'kutakasa madzi amene agweramo. M'kapumo mumagwera madzi ambiri ochokera pakati pa paipi, popeza ndiwo akuthamanga kwambiri, ndipo ochokera m'mbali amagweramo ochepa. Ndiye powerengera Tm, madzi othamanga amapatsidwa gawo lalikulu.

Nanga kuyenda mwabata n'kutani? Nambala ya Reynolds, imene imayerekeza kuthamanga kwa madzi ndi kunanda kwake, ikakhala pansi pa 2300 kapena chapompo, madzi amayenda m'mizere yosasakanikirana. Okhudza khoma amakhala chiimire, apakati amathamanga kuwirikiza kawiri liwiro lapakatikati, ndipo pakati pa awiriwa liwiro limatsata mzere wokhota wa parabola. Popeza palibe kuvunduka, kutentha kulibe njira ina yofikira pakati pa paipi koma kupatsirana kuchoka mzere uwu kupita mzere uwo. Njira imeneyi ndi yochedwa, n'chifukwa chake manambala athu ali aang'ono chonchi. Madzi akamayenda mwachipwirikiti, nambala ya Nusselt imafika makumi kapena mazana.

Kukhazikika nako kuli ndi tanthauzo lake. Sikutanthauza kuti madzi asiya kutentha. Akupitirizabe kutentha pamene akuyenda, koma kapangidwe ka madigiri kuchoka pakhoma kufika pakati, mukakayerekeza ndi Ts - Tm ya pamalopo, sikakusinthanso. Zikafika pamenepo h amaima pamodzi, ndipo nambala ya Nusselt siidaliranso liwiro, siidaliranso mtundu wa madziwo. Muwirikize madzi oyenda kawiri, bola akhalebe abata ndi okhazikika, h sasuntha. Izi zimadabwitsa munthu amene anazolowera kuti kuthamangitsa madzi kumathandiza nthawi zonse.

Mawati ofanana paliponse

Chitsanzo chake chenicheni ndi paipi yokulungidwa ndi waya wa hita mofanana kutalika kwake konse, n'kuikuta kunja kuti kutentha kusathawe. Mita iliyonse ikupereka mawati omwewo, kaya madzi ndi ozizira kaya atentha kale. Choncho Tm imakwera molunjika, madigiri omwewo pa mita iliyonse. Popeza q ndi h sizikusintha, Ts - Tm nayonso siisintha, ndiye khoma limakwera limodzi ndi madzi. Mukajambula Ts ndi Tm pagirafu mumapeza mizere iwiri yowongoka yoyenda moyandikana osakumana.

Masamu ake amatheka pamanja, papepala limodzi. Malo aliwonse m'paipi, kaya pakati kaya pafupi ndi khoma, akukwera madigiri omwewo pa mita iliyonse. Mukaika parabola ya liwiro mu ikwezhoni ya mphamvu n'kuchita integireshoni kawiri, mumapeza izi, pamene R ndi theka la dayamita ndipo r ndi mtunda kuchokera pakati:

```
Ts - T(r) = (q R / k) [ 3/4 - (r/R)^2 + (1/4)(r/R)^4 ]
Ts - Tm   = (11/24) (q R / k)
Nu        = 48/11 = 4.36
```

Taonani 11/24 imeneyo. Imabwera pokhapokha mwawerengera Tm monga tanenera, mwa kapu ija. Wophunzira amene wangotenga avereji ya madigiri pa malo onse a kamwa la paipi, osasamala za liwiro, amapeza 1/3 m'malo mwa 11/24, ndipo nambala yake ya Nusselt imatuluka 6 ndendende. Mukaona 6 pa pepala la munthu, musavutike kufufuza kwina, cholakwika chili pamenepo.

Khoma la madigiri osasintha

Apa chitsanzo ndi paipi yachitsulo yopyapyala imene yazunguliridwa ndi nthunzi imene ikusanduka madzi pakhoma lake, kapena yomizidwa m'madzi owira. Nthunzi ikamasanduka madzi imakhala pa madigiri amodzi, ndipo imapereka kutentha konse kumene khoma likufuna. Tsopano chokhazikika ndi Ts, ndipo q ndi amene akusintha. Polowera madzi ndi ozizira, kusiyana n'kwakukulu, kutentha kumalowa kwambiri. Madzi akamatentha kusiyanako kumachepa, ndipo kulowa kwa kutentha kumachepanso:

```
(Ts - Tm) / (Ts - Ti) = exp( - h P x / (m cp) )
```

Ti ndi madigiri a polowera, P ndi kuzungulira kwa paipi, x ndi mtunda, m ndi makilogalamu a madzi pa sekondi, cp ndi mphamvu yofunika kukweza kilogalamu imodzi ndi digiri imodzi. Tm imayandikira Ts pang'onopang'ono koma siifikapo.

Masamu a nambala ya Nusselt apa ndi ovutirapo, ndipo satulutsa kachigawo kooneka bwino ngati 48/11. Leo Graetz ndi amene anayamba kulimbana ndi funsoli mu 1883 ndi 1885, ndipo Nusselt analithetsanso payekha mu 1910. Yankho limabwera ngati mndandanda wa zigawo zimene zimazimiririka paipi ikamatalika. Chimene chimatsala komaliza chili ndi nambala 2.7044, ndipo mukaichulukitsa ndi iyo yomwe n'kugawa pawiri mumapeza 3.657, imene timailemba 3.66.

Kusiyanaku kukuchokera kuti

Funso lenileni ndi lakuti: kutentha kumene kwalowa pakhoma kukuthera pati m'madzimo? Kachigawo kalikonse ka madzi kamameza kutentha molingana ndi zinthu ziwiri, liwiro lake ndi madigiri amene kakukwera pa mita iliyonse.

Pa mawati ofanana, madzi onse akukwera mofanana, ngakhale a pafupi ndi khoma, chifukwa khoma lenilenilo likukwera. Ndiye gawo ndithu la kutentha limamezedwa m'mizere ya kumbali, litangoyenda mtunda waufupi. Pa khoma la madigiri osasintha, madzi okhudza khoma ali kale pa Ts ndipo sangakwerenso. Oyandikana nawo atsala pang'ono kufika, ndiye akukwera pang'ono chabe. Amene akukwera kwambiri ndi apakati, amene ali kutali ndi Ts. Mwamasamu, kukwera kwa malo aliwonse kumalingana ndi Ts - T(r) ya pamalopo. Choncho gawo lalikulu la kutentha liyenera kudutsa mizere yonse ya kumbali mpaka kukafika pakati. Ulendo wautali umafuna kusiyana kwakukulu kwa madigiri kuti mawati omwewo adutse, ndipo kumeneko ndiye kuchepa kwa h. Nkhani yonse ya 3.66 ndi 4.36 yagona pamenepa.

Pali njira yotsimikizira kuti parabola ya liwiro si imene ikubweretsa kusiyanaku. Tiyerekeze kuti madzi onse akuyenda pa liwiro limodzi, osachedwa pakhoma. Manambala amakwera kufika 8 pa mawati ofanana ndi 5.78 pa khoma losasintha, koma dongosolo lake ndi lomwelo. M'paipi ya makona anayi ofanana mbali ndi 3.61 ndi 2.98. Pakati pa mapuleti awiri aakulu otenthetsedwa onse ndi 8.23 ndi 7.54. Kulikonse, wa mawati ofanana ali pamwamba.

Paipi ya mamita 10

Tiyeni titenge paipi ya kopa ya dayamita mamilimita 10, yotalika mamita 10. Mukuyenda madzi magalamu 5 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi malita 18 pa ola. Akulowa pa madigiri 20 ndipo tikufuna atuluke pa 60. Titenga makhalidwe a madzi pa madigiri 40, pakatikati: k ndi 0.631, cp ndi 4179, kunanda kwake ndi 0.000653, ndipo nambala ya Prandtl, imene imayerekeza kunanda kwa madzi ndi mmene amadutsitsira kutentha, ndi 4.3. Nambala ya Reynolds ikutuluka pafupifupi 975, ndiye madzi akuyenda mwabata mosakayikitsa. Mphamvu yofunika ndi 0.005 kuchulukitsa ndi 4179 ndi 40, yomwe ndi mawati 836. Khoma lonse la m'kati ndi masikweya mita 0.314.

Tiyambe ndi waya wa hita. Mawati 836 pa malo amenewo akupereka q wa 2660 pa sikweya mita. Ndi 4.36, h ndi 275. Kusiyana kwa khoma ndi madzi ndi 2660 kugawa ndi 275, madigiri 9.7. Madzi akukwera madigiri 4 pa mita iliyonse, khoma likuwatsogolera ndi 9.7, ndipo potulukira khoma lili pafupifupi pa 70. Pamalo omwewo madzi a pakati penipeni ali pa 54 chabe, pamene osakaniza ali pa 60. M'kapaipi kopapatiza chonchi, mamilimita 5 okha kuchoka pakhoma kufika pakati, muli kusiyana kwa madigiri pafupifupi 16.

Tsopano khoma losasintha. Ndi 3.66, h ndi 231, wocheperapo. Munthu angayembekezere kuti khoma liyenera kutentha kwambiri kuti ntchito yomweyo itheke. Tiwerengere. hPL, pamene L ndi kutalika kwa paipi, ndi 72.5, m cp ndi 20.9, kugawa kwake ndi 3.47, ndipo exp ya -3.47 ndi 0.031. Kusiyana kwa potulukira kuli 0.031 ya kusiyana kwa polowera, zimene zikupereka Ts ya madigiri 61.3. Khoma la 61.3 paliponse likugwira ntchito imene waya wa hita akugwira khoma lake litafika 70.

Palibe matsenga apa. Khoma losasintha limagwira ntchito yake yaikulu kumayambiriro. Polowera kusiyana ndi madigiri 41, ndipo q akupitirira 9000, kuposa katatu wa waya uja. Kusiyanako kumatsika ndi theka pa mamita awiri aliwonse: 41, kenako 21, kenako 10, kenako 5. Pofika mamita awiri oyamba madzi adutsa kale madigiri 40, pamene m'paipi ya waya amakhala ali pa 28. Mamita awiri omaliza akungowonjezera kadigiri kamodzi ndi pang'ono. Nambala ya Nusselt imanena za malo amodzi: kusiyana kwa madigiri kotere kulowetsa mawati angati. Siinena kuti kusiyanako kuli bwanji m'paipi monse. Choncho kufunsa kuti "yabwino ndi iti" polozera 4.36 ndi 3.66 ndi kufunsa funso lolakwika.

Chimene kusiyanaku kumaphunzitsa wopanga makina ndi komwe ngozi ili. Pa khoma losasintha, madzi sangatenthe kupitirira khoma, ngakhale pampu itafooka. Pa mawati ofanana, waya sadziwa kuti madzi achepa. Madzi oyenda akatsika ndi theka m'chitsanzo chathu, amakwera madigiri 80 m'malo mwa 40, amafika 100 potulukira, ndipo khoma lili patsogolo ndi 9.7 yake ija. Malo oopsa nthawi zonse ndi potulukira, ndipo ndi pomwe muyenera kuika choyezera kutentha chozimitsa magetsi.

Pali kanthu kenanso kobisika m'manambalawa. Mukachulukitsa h ndi P, dayamita imachoka, kumatsala Nu kuchulukitsa k kuchulukitsa 3.14. Pa khoma losasintha ndi mawati 7.26 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse, kaya paipi ndi ya mamilimita 10 kaya 5. Kuchepetsa dayamita ndi theka kumawirikiza h, koma khoma limachepanso ndi theka, ndiye simunapindule kanthu pa kutalika kofunika. Chimene mwapeza ndi kufunika kwa mphamvu yokankhira madzi yowirikiza ka 16, ndi nambala ya Reynolds yowirikiza kawiri. Ofuna kutentha kochuluka pa madzi oyenda mwabata amagawa madziwo m'timapaipi tambiri toyenda limodzi.

Pamene manambalawa amanama

Cholakwika chofala kwambiri si kusinthanitsa 3.66 ndi 4.36 ayi. Kusinthanitsako kumakulakwitsani ndi maperesenti osakwana 20. Cholakwika chachikulu ndi kugwiritsa ntchito iliyonse mwa iwo m'paipi imene madzi sanakhazikike. Madzi akangolowa m'chigawo chotenthetsedwa, kutentha kumakhala kusanalowe m'kati, kadera kotentha kapafupi ndi khoma n'kopyapyala, ndipo h ndi wamkulu kwambiri. Mtunda wofunika kuti zikhazikike ndi pafupifupi uwu, pamene Re ndi nambala ya Reynolds ndipo Pr ndi ya Prandtl:

```
x = 0.05 Re Pr D
```

M'chitsanzo chathu ndi mamita 2.1, gawo limodzi mwa magawo asanu a paipi yonse. Liwiro lokha limakhazikika msanga, pa theka la mita. Pa khoma losasintha, fomula ya Hausen imapereka avereji ya nambala ya Nusselt kuphatikiza chigawo choyambachi. Pa paipi yathu ya mamita 10 imapereka 3.9, ndiye 3.66 sinatilakwitse kwambiri, ndipo yatilakwitsira mbali yotetezeka. Koma paipi yomweyo itakhala ya mita imodzi, avereji ndi pafupifupi 5.5. Pamenepo kukangana za 3.66 ndi 4.36 n'kutaya nthawi, popeza onse awiri ali kutali ndi choona. Ndi mafuta a injini ozizira zinthu zimafika poipa. Nambala ya Prandtl ikakhala 1000 ndipo ya Reynolds 100, paipi ya mamilimita 10 imafuna mamita 50 kuti ikhazikike. Choziziritsa mafuta chotalika choncho n'chosowa, ndiye kunena zoona mafuta sakhazikika konse m'makina ambiri.

Masamu aja amaganizanso kuti makhalidwe a madzi sasintha ndi kutentha. Koma kunanda kwa madzi pa madigiri 60 sikukwana theka la kunanda kwake pa 20. M'paipi yathu nambala ya Reynolds imayamba cha pa 640 polowera n'kufika cha pa 1360 potulukira. Apa tapulumuka, idakali pansi pa 2300, koma mukanayamba ndi 1700 pakatikati mukanawoloka malire paipi isanathe. Komanso madzi otentha a pakhoma ndi osananda, ndiye amathamanga kuposa mmene parabola ikunenera, ndipo h amakwerako. Sieder ndi Tate anapereka njira yokonzera zimenezi mu 1936. M'paipi yogona, madzi otentha a m'mbali amapepuka n'kukwera pamwamba, ozizira n'kutsika pakati, ndipo kuzungulira kumeneku kumasakaniza madzi amene timati sakusakanikirana. Paipi yopindidwa ngati sipuling'i nayo imazunguza madzi m'kati mwake. Zonsezi zimakweza nambala ya Nusselt pamwamba pa ya m'buku, ndipo mukayeza n'kupeza 6 kapena 7 pa madzi abata, yambani mwakayikira zimenezi musanakayikire zoyezera zanu.

Makina enieni ambiri sali ndendende mbali iyi kapena iyo. Paipi ikamatenthetsedwa ndi madzi kapena mpweya woyenda kunja kwake, chimene chimalamula ndi mbali imene ikutchinga kwambiri kutentha. Kunja kukakhala kosatchinga, monga nthunzi, khoma limatengera madigiri a kunjako ndipo muli pafupi ndi 3.66. Kunja kukakhala kotchinga kwambiri, monga mpweya wotentha woyenda pang'onopang'ono, q sasintha kwenikweni ndipo muli pafupi ndi 4.36. Timapaipi ta m'chotenthetsera madzi cha dzuwa cha padenga timayandikira mawati ofanana, popeza dzuwa limawomba mofanana pa mita iliyonse, ngakhale kuti kutentha kothawira kunja kumachuluka madzi akamatentha. Waya wa hita pa paipi ya kopa yokhuthala khoma koma yaifupi nayenso sapereka mawati ofanana enieni, chifukwa kopa amatenga kutentha kwa potulukira n'kukubwezera kumbuyo m'khoma momwemo, n'kusalaza madigiri.

Kuti mudziwe mbali imene makina anu ali, mangani zoyezera kutentha zingapo pakhoma, motalikirana mofanana, ndipo muyezenso madzi polowera ndi potulukira, pamalo amene asakanizika bwino. Madigiri a khoma akamakwera mofanana kuchoka choyezera ichi kufika icho, gwiritsani ntchito 4.36, koma zoyezera za m'chigawo choyamba musaziwerengere, chifukwa kumeneko khoma limakhala pafupi ndi madzi kuposa mmene 4.36 ikunenera. Akakhala pafupifupi amodzimodzi paliponse, gwiritsani ntchito 3.66, ndipo kusiyana kwa madigiri muwerengere ndi avereji ya logarithimu. M'chitsanzo chathu avereji imeneyo ndi madigiri 11.5, pamene avereji wamba ya 41.3 ndi 1.3 ndi 21.3, imene ikanakunamizani kuti paipiyo ikupereka mawati opitirira 1500 m'malo mwa 836.